Magetsi athima, ntchito sinathe: kalata yopempha masiku kwa aphunzitsi

Wophunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta sangagwire ntchito yake pa nyali ya koloboyi. Mnzake wa mbiri kapena wa zamalamulo atha kuwerenga ndi kulemba pamanja mpaka magetsi abwere, koma pulogalamu imafuna kuti uilembe, uiyese pa makina, uone polakwika, ukonze, uyesenso. Kompyuta ikazima, zonsezo zaima. N'chifukwa chake kuthimathima kwa magetsi kukafika povuta, aphunzitsi a maphunziro amenewa, kaya ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Mzuzu, amalandira makalata ambiri opempha kuti tsiku loperekera pulojekiti lisunthidwe.

Ambiri mwa makalatawo amakanidwa, ndipo si chifukwa choti aphunzitsi ndi ouma mtima. Vuto ndi loti kalata imangonena kuti "magetsi akhala akuvuta", zomwe aphunzitsiwo akudziwa kale chifukwa nawonso agona mumdima womwewo. Gawo lalikulu la magetsi a m'Malawi limachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo china chake chikavuta kumeneko, dziko lonse limamva. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sanayambenso kugwira ntchito mpaka 2023. Pa nyengo ngati imeneyo kalasi yonse imakhala ndi dandaulo limodzi. Funso lomwe aphunzitsi ali nalo m'mutu ndi lina: kodi wophunzirayu anali pa ntchito pomwe magetsi amamudukiza, kapena wangoyamba dzana ndipo mdima wam'patsa pothawira? Kalata yabwino imayankha funso limeneli isanafunsidwe.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri amene akukhala m'nyumba ya lendi kunja kwa sukulu. Anapatsidwa masabata atatu kuti alembe, m'chiyankhulo cha Python, pulogalamu yosunga kaundula wa mabuku a mulaibulale. Ntchitoyo ili ndi zigawo zitatu: kulembetsa owerenga, kubwereketsa ndi kubweza mabuku, ndi lipoti la amene achedwa kubweza. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu. Lafika Lachitatu, zigawo ziwiri zikugwira ntchito, chachitatu sichinathe, ndipo kwa masiku asanu ndi limodzi magetsi kudera kwake akhala akuzima m'mamawa n'kubwera usiku anthu atagona.

Asanalembe liwu lililonse, ayambe wawerengera zomwe wataya. Batire la laputopu wamba likakhala latsopano limasunga magetsi okwana mawati 40 mpaka 50 kwa ola limodzi. Makina akamagwira ntchito yolemera n'kumadya mawati 15 mpaka 20, batire lotere limatha pa maola awiri kapena atatu. Malaputopu ambiri a ophunzira ndi a kaunjika, ndipo mabatire ake anafooka kale. Pa Windows pali lamulo lomwe limaonetsa zimenezi:

```
powercfg /batteryreport
```

Lipoti lake limaonetsa manambala awiri, Design Capacity ndi Full Charge Capacity, kutanthauza mphamvu yomwe batire linali nayo pochoka ku fakitale ndi yomwe latsala nayo lero. Ngati yachiwiri ili theka la yoyamba, mtsikanayu ali ndi ola limodzi ndi pang'ono basi magetsi akazima. Ndipo asadalire kabatire kapadera kotchajira foni: malaputopu akale ambiri amafuna mavoti 19 kapena kuyandikira pamenepo, pomwe kabatire wamba ka foni kamatulutsa 5.

Masamu ake tsono ndi awa. Masiku abwino amagwira pulojekitiyi maola asanu pa tsiku. M'masiku asanu ndi limodzi a mdima wakwanitsa maola awiri okha pa tsiku, ena a batire, ena a pakati pa usiku. Wataya maola atatu tsiku lililonse, onse pamodzi 18. Kugawa 18 ndi maola asanu a tsiku labwino kukupereka masiku osakwana anayi. Apemphe masiku anayi, osati sabata ziwiri, ndipo asalembe kuti "nthawi ina yowonjezera" n'kusiyira aphunzitsi ntchito yoganiza. Pempho lomwe lili ndi tsiku ndi ola lake limayankhika ndi mawu amodzi, inde kapena ayi, ndipo munthu amene ali ndi mapepala mazana oti achonge amayamikira zimenezo.

Pa umboni wa ntchito, wolemba mapulogalamu ali ndi mwayi womwe ophunzira ena alibe. Pali chida chotchedwa Git chomwe chimasunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa pulogalamu. Ukamaliza kachigawo, umalamula `git commit`, ndipo Git imalemba zomwe wasintha pamodzi ndi tsiku ndi ola. Ambiri ongoyamba kumene amaganiza kuti zimenezi zimafuna intaneti. Ayi ndithu: `git commit` imagwira pa laputopu pako pomwepo ngakhale netiweki palibe, ndipo ndi `git push`, yotumiza ntchito ku malo ngati GitHub, yomwe imafuna bandulo. Kuti aone mbiri yake mwachidule, mtsikana uja alembe izi:

```
git log --date=format:"%a %H:%M" --pretty="%ad %s"
```

Ndipo pa sikirini patuluka mizere yonga iyi:

```
Wed 02:35 start overdue report
Tue 01:50 return book works
Sun 23:40 borrow book works
```

Mizere imeneyi ikunena zomwe ndime zitatu za madandaulo sizinganene. Ikuonetsa kuti ntchito yakhala ikuyenda, komanso kuti yakhala ikugwiridwa 2 koloko ya usiku, nthawi yomwe magetsi amabwera. Koma tisaukweze mopitirira umboniwu. Nthawi yomwe Git imalemba imachokera ku wotchi ya kompyuta yako, ndipo munthu atha kuisintha. Aphunzitsi odziwa ntchito yawo akudziwa zimenezi, choncho chomwe chimawakhutiritsa kwambiri ndi pulogalamu yeniyeniyo, yoti aitsegule n'kuona kuti zigawo ziwiri zija zikugwiradi. Ngati bandulo ndi yochepa, ntchito yonse ndi mbiri yake zitha kumangidwa mu fayilo imodzi, kawirikawiri yaing'ono, yotumizika pa imelo kuchokera pa foni:

```
git bundle create ntchito.bundle --all
```

Aphunzitsi akalandira fayiloyo amangolemba `git clone ntchito.bundle` ndipo zonse zili m'manja mwawo.

Kalata yeniyeni m'masukulu athu a ukachenjede nthawi zambiri imalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi. Pa mutu wa imelo pakhale nambala ya phunziro ndi mawu oti ndi pempho la masiku owonjezera, chifukwa aphunzitsi amodzi amakhala ndi makalasi angapo. M'kati mwake mutha kukhala motere:

"Aphunzitsi, ndikukulemberani kupempha kuti mundilole ndipereke pulojekiti ya kaundula wa laibulale Lachiwiri sabata yamawa 12 koloko masana, m'malo mwa Lachisanu lino. Kuyambira Lachinayi lapitali, kudera komwe ndimakhala magetsi akhala akuzima m'mamawa n'kubwera usiku, ndipo batire la laputopu yanga limangokhala ola limodzi ndi theka. Ndayesa kugwirira ntchito ku labu ya kusukulu, koma malo otchajira ndi ochepa ndipo imatsekedwa ndisanafike patali. Zigawo ziwiri, cholembetsa owerenga ndi chobwereketsa mabuku, zatha ndipo zikugwira ntchito. Ndatumiza pamodzi ndi kalatayi kuti muone. Chatsala ndi lipoti la ochedwa kubweza komanso kuyesa pulogalamu yonse. Ngati masiku anayi sangatheke, ndipereka zomwe ndili nazo Lachisanu, ndipo ndikupempha mundiuze ngati gawo lotsalalo mungalilandire pambuyo pake. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu."

Pansi pake dzina lonse ndi nambala yake ya kusukulu. Taonani kuti pempho lili m'chiganizo choyamba. Ife Amalawi timakonda kuyamba ndi moni wautali ndi kupepesa tisanafike pa nkhani, ndipo pamaso ndi pamaso ndi ulemu woyenera. Koma mu imelo, ulemu waukulu ndi kusataya nthawi ya mkulu amene ukumulembera. Chiganizo chonena za labu n'chofunikanso, chifukwa funso loyamba la aphunzitsi likhala loti, bwanji sunapite komwe kuli jenereta kapena sola? Ngati sunayeseko, usalembe kuti unayesa. Pita kaye mawa lake, kenako ulembe zomwe wapeza.

Chomwe ndimachiona cholemera kwambiri m'kalatayi ndi njira yachiwiri yomwe ili kumapeto. Aphunzitsi sali okha pa chiganizo chimenechi. Ali ndi tsiku lawo loti apereke malikisi ku dipatimenti, ndipo ali ndi ophunzira ena amene anavutika chimodzimodzi koma apereka pa nthawi yake. Kupatsa mmodzi sabata yathunthu kungakhale kulakwira enawo. Wophunzira akanena yekha kuti ndi wokonzeka kupereka zomwe ali nazo, amawapatsa aphunzitsi mpata woti amuthandize popanda kukondera: atha kuchonga zigawo ziwirizo tsopano n'kulandira chachitatu mochedwa, mwina atachotsapo malikisi pang'ono monga mwa malamulo a phunzirolo. Malamulowo amakhala m'pepala lomwe limaperekedwa poyamba pa semesita, ndipo ndi bwino kuliwerenga usanalembe, chifukwa m'masukulu ena pempho lotere limayenera kudzera kwa mkulu wa dipatimenti.

Nthawi yotumizira ndi nkhani yaifupi: Lachitatu, osati Lachisanu usiku. Kalata yofika tsiku lomaliza litadutsa silikhalanso pempho, imakhala kudziwitsa chabe. Ndipo ngati mdima wakhudza theka la kalasi, ndi bwino mtsogoleri wa kalasi alembe kalata imodzi, atchule madera okhudzidwa, aphatikizepo ndondomeko ya kuzima kwa magetsi yomwe ESCOM imalengeza, ndipo apemphe tsiku limodzi la onse. Aphunzitsi savutika kusuntha tsiku la kalasi yonse monga momwe amavutikira kuweruza makalata makumi atatu payekhapayekha.

Pali ngozi ina yomwe imasintha kalata yonse. Amene amagwiritsa ntchito kompyuta ya pa desiki, kapena laputopu yomwe batire lake linaferatu, makina amamuzimira mwadzidzidzi, ndipo ngati nthawi imeneyo amasunga fayilo, fayiloyo itha kuonongeka. Chizindikiro chake ndi fayilo yomwe yatsala yopanda kanthu, kapena Git kudandaula ndi mawu onga `object file is empty`. Lamulo la `git fsck` limafufuza n'kutchula zomwe zaonongeka. Zikatere, jambula uthengawo ndi foni usanakhudze china chilichonse, koperani chikwatu chonse cha pulojekiti pa fulashi, kenako uzitenganso ntchito kuchokera pomwe unatumiza komaliza ndi `git push`. M'kalata unene tsiku la kutumiza komalizako ndi zigawo zomwe ukuyenera kulembanso, ndipo masiku opempha uwawerengere kuchokera pa zimenezo.

Yankho likapanda kubwera pofika Lachinayi madzulo, mtsikana uja asatenge chete ngati chilolezo. Apite ku ofesi ya aphunzitsi Lachisanu m'mawa laputopu ili m'manja, akumbutse za imelo yake mwaulemu, ndipo akapanda kuwapeza apereke zigawo ziwiri zija nthawi isanakwane, ataphatikizapo fayilo ya `README` yonena chomwe chikugwira, chomwe chatsala, ndi lamulo loyendetsera pulogalamuyo.