Makwerero a Marezisita: N'chifukwa Chiyani 1111 Safika pa 5 V?

Ambiri amene akuphunzira zamagetsi akalumikiza makwerero a marezisita otchedwa R-2R, aja amene amasandutsa nambala ya mabiti anayi kukhala mphamvu ya magetsi, amayembekezera kuti akayatsa mabiti onse, mita isonyeza 5 V yonse. Ikasonyeza 4.69 V, amayamba kusakasaka waya woduka, koma palibetu chimene chalakwika.

Makwererowa amagawa mphamvu motsatira lamulo ili: Vout = Vref × D/16, pomwe D ndi nambala imene mabitiwo akuimira. Biti yaikulu, yoyandikana ndi potulukira, imapereka theka la Vref. Yotsatira imapereka theka la thekalo, ndipo zimapita choncho mpaka biti yaing'ono, imene gawo lake ndi 0.3125 V ngati Vref ndi 5 V. Tiyese ndi 1010. Biti yaikulu ikupereka 2.5 V, yachitatu 0.625 V, zinazo zili zozimitsa, choncho potulukira pali 3.125 V. Mabiti anayi amawerenga kuyambira 0 kulekeza 15 basi, ndiye 1111 amathera pa 4.6875 V. Sitepe imodzi imatsala nthawi zonse.

Ena amaganiza kuti akaika marezisita akuluakulu, mphamvu yotuluka ichepa. Nazonso si zoona. Kaya mugwiritse ntchito 10 kΩ ndi 20 kΩ, kaya 1 kΩ ndi 2 kΩ, 1010 akupatsanibe 3.125 V, malinga rezisita ya 2R ikhale yowirikiza kawiri ya R, ndipo potulukira pakhale mita yokha. Kukula kwa R kumaonekera mukalumikizapo chinthu chokoka magetsi. Makwerero onse, powayang'anira potulukira, amakhala ngati rezisita imodzi ya R. Ngati R ndi 10 kΩ, inu n'kuikapo chinthu cha 10 kΩ, 3.125 V ija imagwa n'kutsala pafupifupi 1.56 V. Chizindikiro chake n'chakuti nambala zonse zimagwa ndi theka mofanana. N'chifukwa chake odziwa ntchito amaika ampulifaya pakati pa makwerero ndi chinthucho.

Chikhulupiriro chimene ine ndimachiona choopsa kwambiri n'chakuti rezisita iliyonse yokhala ndi mizere ya mitundu yoyenera ndi yokwanira. Yamzere wagolide imaloledwa kuphonya ndi 5 peresenti. Tinene kuti 2R ya biti yaikulu yakhala 21 kΩ m'malo mwa 20 kΩ, zina zonse zili bwino. Pamenepo 0111 apereka 2.24 V ndipo 1000 apereka 2.44 V, ndiye kuti sitepe ya pakatiyi yafupika n'kukhala pafupifupi 0.2 V.

Mukamaliza kulumikiza, yambani mwayeza 0111 ndi 1000. Kusiyana kwake kukatalikirana ndi 0.31 V, yezani rezisita ya biti yaikulu musanakhudze china chilichonse.