Zimene Kadontho ka Magazi Kamaulula pa Kagalasi

Munthu akapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti magazi achepa, nkhani imakhala itangoyamba. Makina a m'labotale amatchula kuchuluka kwa hemogulobini, chinthu chofiira chimene chimanyamula mpweya m'magazi, ndipo amawerenganso maselo. Koma chimene chachepetsa magaziwo kawirikawiri chimaoneka pa maselo enieniwo: kukula kwake, mtundu wake ndi kaumbidwe kake. Kuti zimenezi zioneke, pamafunika munthu apake magazi pa kagalasi, awathire utoto, n'kusuzumira m'maikulosikopu. Luso limeneli ndi limene ophunzira za labotale ku Malamulo m'boma la Thyolo, ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe ndi ku Kamuzu University of Health Sciences amavutika nalo miyezi yambiri. Chovuta kwenikweni si kuloweza mayina a maselo opunduka ayi. Chimene chimawatsamwitsa ambiri ndi kusiyanitsa chilema chimene selo yabwera nacho kuchokera m'thupi ndi chilema chimene yachipeza m'manja mwa wopaka magaziyo.

Ntchito imayambira pa kagalasi koyera, kopanda mafuta a zala. Wophunzira amaika kadontho kakang'ono ka magazi chakumapeto kwa kagalasiko. Kenaka amatenga kagalasi kena kosalala m'mphepete, n'kukapendeketsa madigiri pakati pa 30 ndi 45, n'kukabweza m'mbuyo mpaka kakhudze dontho lija. Magazi akayenderera m'mphepetemo, amakankha kamodzi kokha osaima panjira. Chimene chimatsala ndi mpako wokhuthala koyambira, wopyapyala pakati, ndi wothera ku mchira wopepera. Mpakowo amauumitsa msanga ndi mphepo, osati ndi mpweya wa m'kamwa, chifukwa chinyezi chimawononga maselo.

Utoto umene amathira unachokera ku ntchito ya dokotala wa ku Russia, Dmitri Romanowsky, m'chaka cha 1891. William Leishman ndi Gustav Giemsa anaukonzanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mayina awo ndi amene alipo pa mabotolo mpaka lero. Muli mitundu iwiri yosakanizidwa: wofiira umene umagwira hemogulobini, ndi wabuluu umene umagwira phata la selo. Ogwiritsa ntchito utoto wa Giemsa amayamba amiza kagalasi m'metanolo kuti maselo amatirire ndi kuuma m'kaumbidwe kawo. Utoto wa Leishman uli kale ndi metanolo. Madzi osungunulira utoto nawo ali ndi muyezo wake, pH 6.8 pofuna kuona kaumbidwe ka maselo ndi 7.2 pofufuza malungo. Madziwo akakhala ndi asidi wambiri, kagalasi konse kamafiira mopitirira. Akapendekera mbali inayo, maselo ofiira amatuluka otuwa mobiriwira, ndipo wophunzira angaganize kuti waona matenda pamene vuto lili m'botolo.

Asanaone selo yodwala, wophunzira amakhala nthawi yaitali akuyang'ana magazi a munthu wabwinobwino mpaka diso lizolowere. Selo yofiira yabwino ndi yozungulira, ilibe phata, ndipo m'mimba mwake ndi mamaikulomita 7 kapena 8, kutanthauza kuti maselo oposa 120 atandandalika angakwane milimita imodzi yokha. Ndi yofanana ndi mbamu ya nsima imene mwaibowola ndi chala chachikulu kuti mutapire msuzi, kungoti iyo ndi yobowoka mbali zonse ziwiri. Pakati pamene pali popyapyala pamadutsa kuwala kwambiri, choncho pamaoneka poyererako. Malo oyererawo ayenera kutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo yonse, ndipo mtundu uyenera kuzimirira pang'onopang'ono kuchoka m'mphepete kulowa pakati.

Nanga kukula amakuyeza bwanji popanda rula? Pa kagalasi pomwepo pamakhala maselo oyera otchedwa malimfosaiti. Phata la limfosaiti yaing'ono, limene limatuluka lapepo wakuda, n'lofanana kukula ndi selo yofiira yabwinobwino. Wophunzira amafufuza limfosaiti imodzi n'kuyerekeza maselo oizungulira. Akakhala ochepa kuposa phatalo ndi ang'onoang'ono, akaliposa ndi akuluakulu. M'malingaliro anga, palibe njira ina m'phunziro lonseli yophweka chonchi koma yothandiza kwambiri.

Funso lina ndi la malo oyang'ana, ndipo apa ndi pamene atsopano amagwa kwambiri. Amayamba ndi galasi lokuza ka 10 kuti aone mpako wonse, kenaka la ka 40, n'kumaliza ndi la ka 100 limene limafuna kadontho ka mafuta. Malo oyenera ndi kachigawo kakang'ono chakufupi ndi mchira, pamene maselo ayandikana koma osakwerana. Kokhuthala kuja maselo amaunjikana, amafota, ndipo amaoneka ngati asanjikizana ngakhale mwa munthu wathanzi. Ku nsonga ya mchira amaphwatalala n'kutaya malo oyerera a pakati, motero amafanana ndi maselo obulungira amene amapezeka m'matenda oswa magazi. Kagalasi kamodzi komweko kangapereke mayankho atatu osiyana malinga ndi pamene munthu waimika diso.

Zolakwa za manja zili ndi zizindikiro zake. Magazi akakhalitsa maola ambiri m'chubu cha chivindikiro chapepo, chija chimalembedwa EDTA, maselo amamera timinga tofanana mozungulira ponseponse. Timinga totere timapezekanso mwa odwala impso, koma maselo onse a pa kagalasi akakhala nato, wodziwa amayamba wafunsa nthawi imene magaziwo anakokedwa. M'nyengo ya dzinja metanolo wosatsekedwa bwino amayamwa chinyezi, ndipo maselo amatuluka ndi zibowo zonyezimira zokhala ndi malire akuthwa. Wosazolowera amati hemogulobini yachepa, pamene kuyerera kwenikweni sikukhala ndi malire akuthwa chotero. Maselo ooneka ngati dontho la msozi amatha kuloza matenda a mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa. Koma michira yawo yonse ikaloza mbali imodzi, ndiye kuti anakokedwa ndi kagalasi kopakira. Thupi silingawalozetse kumodzi onse.

Zilema zenizeni zimene wophunzira amakumana nazo tsiku ndi tsiku n'zakusowa kwa ayironi, makamaka mwa amayi oyembekezera, ana, ndi anthu amene ali ndi njoka za m'mimba zoyamwa magazi. Maselo amakhala ang'onoang'ono, malo oyerera amakula mpaka hemogulobini kungotsala kamzere m'mphepete, ndipo ena amatalika n'kuwonda. Kusowa kwa vitamini B12 kapena foliki asidi kumachita zosiyana: maselo amakula n'kukhala obulungira motalikirako. Palinso zidutswa za maselo, zosongoka mbali ziwiri kapena zitatu, zimene zimasonyeza kuti maselo akudulidwa m'timitsempha. Izi zikapezeka mwa mayi woyembekezera amene magazi akuthamanga kwambiri, sadikira kulemba pepala, amathamangira kukauza dokotala.

Tiyerekeze tsopano kuti pabwera magazi a mwana wa zaka zinayi. Pa pepala palembedwa kuti amamva kuwawa m'mafupa kawirikawiri, maso ndi achikasu, ndipo hemogulobini ili pa magalamu 7 pa desilita, pamene mwana wa msinkhu umenewu ayenera kukhala pa 11 kapena kuposa. Wophunzira wapaka magazi atangofika, utoto wagwira bwino, wapeza malo oyenera ndi limfosaiti yake yoyezera. Chinthu choyamba chimene akuona n'chakuti maselo ndi osiyanasiyana kukula ndi kaumbidwe, koma ambiri si ang'onoang'ono ndipo si oyerera. Kusowa kwa ayironi kukuyamba kukayikitsa.

Akuyenda pang'onopang'ono, akupeza maselo ena aatali, opindika ngati zenga, osongoka mbali zonse ziwiri, odzaza mtundu opanda poyerera pakati. Ayenera kusamala apa, chifukwa maselo aatali a kusowa kwa ayironi amathera mobulungira, pamene awa akuthera pa nsonga. Akuyang'ana malo ena angapo kuti atsimikize kuti alipo ponseponse ndipo aloza mbali zosiyanasiyana. Alipodi. Awa ndi maselo a matenda a sikoselo, amene dokotala James Herrick anawafotokoza koyamba ku Chicago m'chaka cha 1910. Hemogulobini ya odwala matendawa ikataya mpweya imalumikizana n'kupanga timitengo tolimba timene timapinda selo.

Wophunzira wabwino saima pamenepo, amafufuza mboni zina. Akuona maselo ena akuluakulu obiriwirako. Amenewa ndi ana, otulutsidwa m'mafupa asanakhwime, chifukwa selo ya sikoselo imafa m'masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa masiku 120, ndipo thupi likuthamangira kubwezera. Apo ndi apo muli selo yofiira imene ikadali ndi phata, umboni wa changu chomwecho. Muli maselo okhala ndi kachigamba kofiira pakati penipeni pa malo oyerera. Ndiyeno, m'maselo ochepa, muli kadontho kamodzi kozungulira kapepo wakuda. Aka ndi katsalira ka phata, kamene kapamba wathanzi amachotsa selo ikamadutsa. Kupezeka kwake kukunena kuti kapamba wa mwanayu wafooka, ndipo mwana wotere amagwidwa msanga ndi tizilombo toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi.

Kadontho komweko kangasokoneze, popeza kuno malungo ali paliponse. Tizilombo ta malungo tikakhala tating'ono timaoneka ngati mphete yabuluu yokhala ndi kadontho kofiirira pambali, pamene katsalira ka phata n'kadontho kokha kopanda mphete. Kaselo koundanitsa magazi kakagona pamwamba pa selo yofiira kamanamizanso, koma kamakhala kambuumbuu ndipo kamazunguliridwa ndi kuwala koyera. Mwana wa sikoselo angakhalenso ndi malungo nthawi yomweyo, choncho wophunzirayo amayang'anabe ndithu.

Pa pepala la zotsatira salembapo kuti mwanayu ali ndi sikoselo. Amalemba zimene waona, mtundu uliwonse wa selo ndi kuchuluka kwake, kaya ndi ochepa, angapo kapena ambiri, n'kupempha kuti apimidwe mtundu wa hemogulobini. Mphunzitsi kapena wamkulu wa labotale amasuzumiranso asanasayine. Kupima kwachiwiriko n'kofunika chifukwa pali matenda ena apachibale amene maselo ake amaoneka mofanana, komanso mwana amene wangopatsidwa kumene magazi amakhala ndi maselo a anthu awiri pa kagalasi kamodzi. Makolo a mwanayu akabwera kudzapimitsa, kagalasi sikawathandiza n'komwe. Munthu amene anatengera sikoselo kwa kholo limodzi lokha amakhala ndi maselo ooneka abwinobwino, ndipo zimene wasenza zimadziwika pokhapokha akapima hemogulobini yeniyeniyo.