Zolembedwa m'munsi mwa mawondo siziwerengedwa pa chionetsero

Pa chionetsero cha zamalonda ngati chija chimachitikira pa bwalo la Chichiri ku Blantyre, pafupifupi malo alionse oonetserapo katundu amakhala ndi banala yokoka. Ndi chinsalu cha pulasitiki chija chimakhala chokulungidwa m'kabokosi ka aluminiyamu. Munthu amachikoka kuchokera pansi n'kuchikoleka pamwamba pa ndodo, ndipo akachimasula chimadzikulunga chokha chifukwa m'kabokosimo muli sipuling'i. Zambiri zimakhala masentimita 85 m'lifupi ndi mamita 2 m'litali. Anthu amalipira ndalama zooneka kuti azisindikizitse, koma n'zomvetsa chisoni kuti nthawi zambiri nambala ya foni, yomwe ndiyo imabweretsa makasitomala chionetsero chikatha, imapezeka pansi penipeni, pafupi ndi nsapato za anthu odutsa.

Vutoli limayambira pa kompyuta. Wokonza banala amaiona yonse pa sikirini, kuyambira pamwamba mpaka pansi, mbali zonse zili patsogolo pa maso ake. Ndiye amaisanja monga tinazolowera kusanja kalata: dzina pamwamba, nkhani pakati, keyala ndi foni kumapeto. Koma banala imaima pansi, pakati pa chigulu cha anthu. Bondo la munthu wamkulu limakhala pa masentimita pafupifupi 50 kuchokera pansi, ndipo dera lonse la m'munsi mwa pamenepo ndi la miyendo, zikwama, makatoni a katundu ndi ana ongoyenda kumene. Ngakhale pakhale popanda chotchinga, palibe mlendo amene anganjute pakati pa njira kuti awerenge.

Ine ndimaona kuti bondo ndi malire otsiriza chabe. Malire enieni ndi tebulo. Tebulo loyalapo katundu limakhala lotalika masentimita pafupifupi 75, ndipo pa malo ambiri banala imaikidwa kuseri kwake kapena m'mbali mwake. Mukaikanso mabotolo kapena mapaketi pa tebulopo, chobisika chimafika pafupifupi mita yathunthu. Apa ndiye kuti theka la banala lapita. Maso a munthu woimirira amakhala pakati pa masentimita 150 ndi 165, choncho mawu amene mukufuna kuti aliyense achoke nawo ayenera kukhala chapompo.

Tiyerekeze gulu la alimi a njuchi lomwe likupita kukaonetsa uchi wake. Mamembala akufuna kuti pa banala pakhale dzina la gulu, chizindikiro chake, mbiri ya momwe linayambira, mitundu ya katundu, mitengo, zizindikiro za mabungwe omwe analithandiza, ndi nambala ya foni. Funso loyamba ndi lakuti: munthu wodutsa, yemwe angocheukira kuno kamphindi, aone chiyani? Yankho ndi lakuti pano pali uchi weniweni, ndipo aupeza poimba nambala yakuti. Zina zonse zipatse malo ziwirizi.

Poyeza kuchokera pansi, chizindikiro ndi dzina la gulu zikhale pamwamba, pakati pa masentimita 170 ndi 195. Pamenepo n'pomwe pamaonekera patali, kupyola pamwamba pa mitu ya anthu ambiri. Masentimita 5 omalizira asiyidwe opanda mawu, chifukwa kachitsulo kokolekera kamapana m'mphepete mwa chinsalu. Pakati pa 130 ndi 170 pakhale uthenga waukulu m'mizere iwiri, "Uchi weniweni" pamwamba, "wa m'nkhalango" pansi pake. Nambala ya foni itsatire pomwepo, pakati pa 105 ndi 125. Chithunzi cha botolo la uchi chitenge dera la m'munsi mwake kutsikira ku bondo, poti chithunzi chikabisika theka munthu amazindikirabe kuti ndi botolo, pomwe nambala ikabisika manambala awiri okha yatha ntchito. Kuyambira pa 50 kutsika pansi pangokhala mtundu wa banala, kapena zizindikiro za mabungwe othandiza aja ngati agwirizana nazo. Mbiri ya gulu ndi mitengo zipite pa timapepala togawa. Mitengo imasintha, ndipo banala yolembedwa mtengo wa chaka chatha imakhala ya kutaya.

Kukula kwa zilembo nako kuli ndi kawerengedwe kake. Olemba zikwangwani amatsata lamulo lakuti chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka bwino pa mtunda wa mamita 3. Ngati tikufuna kuti uthenga wa uchi uoneke kwa munthu ali pa mamita 9, zilembo zikhale za masentimita 7.5. Tsono m'mbali zonse ziwiri tisiye masentimita 5, chifukwa m'mphepete mwa banala mumakonda kupindika ikayamba kukalamba. Patsala masentimita 75, omwe amakwana zilembo 12 kapena 13 za msinkhu umenewo. Mawu akuti "Uchi weniweni" akukwanira ndendende. Chiganizo chachitali sichingakwane pokhapokha zilembo zichepetsedwe, ndipo zikachepa munthu wa patali uja tamutaya. Manambala a foni akhale a masentimita 5, owerengeka pa mamita 6, ogawidwa m'timagulu kuti wokopera asasokonezeke. Nambala ikhale imodzi. Zikakhala zitatu, munthu sadziwa yoti atenge, ndipo malo ake amakakamiza zonse kuchepa.

Amene akufuna kuikapo kachizindikiro ka QR akaike pambali pa nambala ya foni, kosachepera masentimita 10 mbali zonse, kuti foni ikawerenge munthu ataima pa mita imodzi. Kakakhala pa bondo, wojambula amayenera kuwerama ndi kupendeketsa foni, ndipo ambiri amangopitirira.

Pansi pali msampha wina womwe anthu amauzindikira banala itabwera kale kuchokera kosindikiza. Mbali ina ya chinsalu, kawirikawiri masentimita 10 mpaka 15, imatsalira m'kabokosi, yomatidwa ku chokulungira. Osindikiza amasiyana: ena amafuna kuti muwonjezere gawo limeneli pa mamita 2 aja, ena amalichotsa pa zomwe mwawapatsa. Funsani muyeso wawo ntchito isanayambe. Mzere wa keyala wodulidwa pakati, zilembo zikusuzumira kuchokera m'kabokosi, ndi umboni wakuti funsoli silinafunsidwe. Powatumizira ntchito, ikhale ya PDF pa muyeso wake weniweni, mitundu itaikidwa pa CMYK osati RGB, apo ayi chikasu chowala cha uchi chija chingatuluke chozilala. Chithunzi chichokere mu kamera kapena foni yomwe inajambula. Chodutsira pa WhatsApp chimakhala chitachepetsedwa, ndipo chikatambasulidwa kufika masentimita 85 chimaoneka mbuu.

Musanalipire, yesani pakhoma. Lumikizani mapepala akuluakulu mpaka akwane masentimita 85 m'lifupi ndi mamita 2 m'litali, muwamate m'munsi mwake mutagunda pansi, ndipo lembani mawu ndi cholembera chachikulu pa msinkhu ndi kukula komwe mwasankha. Ikani tebulo patsogolo pake, mabotolo ali pamwamba, anthu awiri aime ngati akugula. Kenako itanani munthu yemwe sanaone ntchitoyi, adutse pa mtunda wa mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi osaima. Mufunseni kuti pamenepo akugulitsa chiyani, ndipo ngati nambala ya foni anaiona pamene inali. Akakayika pa funso lachiwirili, kwezani nambalayo masentimita 10, muchepetse chithunzi, ndipo muitanenso munthu wina adutse.