Mita Ikakana Tokeni

Pa tchuthi chapitachi, kwathu ku Santhe, bambo atalandira ndalama za fodya anandituma kugula magetsi a K5,000 pa foni yawo. Uthenga unabwera ndi manambala 20. Ndinawalowetsa mu mita katatu konse, koma inakana. Zimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndizo ndifuna kukugawirani anzanga.

Munthu ukagula mayunitsi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, malonda ako amalembedwa pawiri. Kampani ya foni imalemba ndalama zimene zachoka, nthawi yake ndi nambala ya malondawo. Kenaka makina a ESCOM amalemba nambala ya mita ndi mayunitsi ogulidwa, n'kupanga tokeni. M'manambala 20 aja mwabisika kuchuluka kwa mayunitsi ndi mphindi imene tokeniyo inapangidwa, ndipo zonsezi zimakhomedwa ndi kiyi ya mita imodzi yokha. Mita siifunsa ku ofesi ayi. Imangoyesa kutsegula manambalawo ndi kiyi yake, ndipo akatseguka imawonjezera mayunitsi n'kusunga chizindikiro cha tokeniyo kuti isadzalowenso kachiwiri.

Ndiye mita ikakana, musathamangire kugula ina. Choyamba, werengani manambalawo anayi anayi, mnzanu akulowetsa, pakuti kuphonya imodzi yokha n'kokwanira kuti ikane. Chachiwiri, onani zimene mita yalemba. Mamita ambiri akalemba USED ndiye kuti tokeniyo inalowa kale, choncho onani ngati mayunitsi akwera. Chachitatu, yerekezani nambala ya mita ya mu uthenga ndi imene ili pa mita yanu.

Apa m'pamene ine ndinagwidwa. M'foni ya bambo munali manambala a mamita awiri, yathu ndi ya azakhali a ku Kasungu boma, ndipo mwaphuma ndinasankha ya azakhali. Tokeni inali yabwinobwino, koma kiyi yake sinali ya pakhomo pathu. Tinawatumizira azakhali manambalawo, analowa nthawi yomweyo, ndipo iwo anatigulira athu. Zikanakhala za munthu wosam'dziwa, bwenzi nkhani ili ina.

Pali chifukwa chinanso. Mphindi zobisika mu tokeni zinkawerengedwa kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo owerengera anadzaza pa 24 Novembala 2024. N'chifukwa chake mamita anafunika kulandira matokeni awiri osinthira kiyi. Mita imene sinalandire imakana tokeni yatsopano ngakhale manambala onse ali olondola.

Nanga ndalama zikachoka koma uthenga osabwera? Dikirani pang'ono, pakuti netiweki imachedwetsa. Zikakanika, imbirani a kampani ya foni kapena pitani ku ofesi ya ESCOM ndi nambala ya malonda, ya mita, tsiku ndi ndalama zake. Popeza zonse zinalembedwa, angathe kukupatsaninso tokeni yomwe ija. Motero musafufute uthenga mayunitsi asanalowe.

Bambo sanandikalipire. Anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga."