Aneba Amene Sanalembedwe M'kope la Chipepeso

Bambo athu anatisiya Lachiwiri usiku kuchipatala. Pamene tinkafika kunyumba ku Ndirande cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, tinapeza moto ukuyaka kale pabwalo. Mipando ya pabalaza inali panja, mphasa zili zoyala m'nyumba kuti amayi athu ndi azimayi anzawo akhalepo, uthenga utapita kale kwa amfumu. Kutacha, masamba anali ataikidwa pamsewu kumtunda ndi kumunsi kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Ife sitinatume munthu. Anayendetsa zonsezi ndi aneba athu a nyumba ya kuseri, mayi wogulitsa mandasi, amene tinangowaimbira foni kuti zalephereka.

Lachisanu tinakaika maliro kumudzi ku Ntcheu. Malume athu, monga mwini mbumba, anaimirira kuthokoza. Anatchula mafumu, abusa ndi amayi a Mvano, adzukulu, akuntchito kwa bambo amene anagula bokosi, mpaka mwini lole imene inanyamula anthu. Dzina la aneba athu silinamveke. Ngakhale akanawatchula sakanamva, chifukwa iwo anatsala ku Blantyre kulondera nyumba yathu, poti akuba nawonso amamva uthenga wa maliro ndipo amadziwa nyumba imene yatsala yopanda anthu.

Malumewo sanachite mwadala. Wothokoza kumanda amatsata kope la chipepeso, ndipo kopelo limadziwa zokhazo zimene zadutsa patebulo la mlembi: ndalama, thumba la chimanga, beseni la ufa, nkhata ya maluwa, ndi zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba. Zimene neba amapereka sizidutsa patebulopo. Anthu ogona pasiwa masiku atatu ankatunga madzi pampopi wawo ndi kupita kuchimbudzi chawo. Nthambo ya magetsi yowunikira pabwalo inachokera m'nyumba mwawo. Ana athu aang'ono ankadya ndi kugona kwawo. Masiku anayi athunthu sanakazinge mandasi, kutanthauza kuti masiku anayi sanalowetse ngakhale tambala. Onjezani apo kuti m'madera ambiri pamaliro satsanzika. Munthu amangodzuka n'kumapita. Motero mpata wogwirana chanza n'kunena zikomo supezeka, ndipo banja likapanda kuufuna mwadala, chaka chimatha nkhani ili chomwecho.

Ife tinayamba ndi kulakwitsa. Mchimwene wanga wa ku Joni, amene anafika maliro ataikidwa kale, atamva zonsezi anagwidwa ndi chisoni n'kunena kuti awatumizire ndalama pafoni tsiku lomwelo. Mtima wake unali wabwino. Koma azakhali athu anamugwira dzanja. "Iwe, ukufuna kuwalipira ngati anali pa ganyu? Maliro n'kulirana. Ukawapatsa ndalama lero, ndiye kuti wawauza kuti tathana, tsiku lawo likadzafika asadzatiyembekezere."

Azakhaliwo ndi amene anatiphunzitsa kulekanitsa zinthu ziwiri zimene anamfedwa ambiri amaziphatikiza: ngongole ndi chifundo. Ngongole imabwezedwa ndendende, mwamsanga, popanda mwambo uliwonse. Chifundo sichibwezedwa ndi ndalama.

Tinayamba ndi ngongole. Titabwerako kumudzi, mwambo wosesa utatha, ine ndi mlongo wanga tinakhala pansi n'kuwerenga katundu yense wobwereka. Kwa aneba athu kunachokera mapoto akuluakulu awiri, zidebe zitatu, mbale 20, mphasa zinayi ndi nkhwangwa. Mbale tinapeza 17, ndipo mphasa imodzi inapita ndi lole kumudzi osabwerako. Apa m'pamene maubale ambiri amaonongekera mwakachetechete. Neba sangabwere kudzafunsa mbale zitatu kwa mayi amene wangoika kumene mwamuna wake. Amangokhala chete, koma saiwala. Mukadzaona kuti pa zovuta zina akukupatsani poto wobooka, akuti wabwino anabwereka ena, dziwani kuti china chake sichinabwerere. Tinagula mbale zitatu ndi mphasa yatsopano, n'kutsuka mapoto aja mpaka mwaye wonse wa nkhuni utachoka. Mayunitsi a magetsi tinangowagulira pa nambala ya mita yawo, imene tinafunsa mwana wawo. Bilu ya madzi ya mwezi umenewo tinaipempha kuti tiione, n'kulipira gawo limene linapitirira pa zimene amalipira masiku onse. Zimenezi sanakane, chifukwa zinali zoonekeratu kuti ndi zobweza.

Zothokoza zenizeni zinadikira mpaka Loweruka la sabata yachiwiri. Kufulumira kwambiri sikuthandiza, chifukwa m'nyumba mumakhala mukadali alendo ndipo ofedwa sanayambe kutuluka. Kuchedwa kupitirira mwezi nakonso kumazizira, zikomo amamveka ngati wokumbutsidwa. Nkhani ina ndi ya amene akupita. Kutuma mwana ndi kambale kovundikira n'kuchepetsa ntchito imene munthu anagwira, ndipo uthenga wa pa WhatsApp wothokoza onse pamodzi, ngakhale uli wofunika, sufika pamenepa. Kwathu anapita amayi eni ake, azakhali ndi ine, ngakhale nyumbazo zalekana ndi mpanda wa maudzu basi. Tinazungulira n'kukalowera kukhomo, kuodira ngati alendo ochokera kutali.

Tinanyamula za kumudzi: ndowa ya mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, ufa woyera ndi nkhuku yamoyo. Mphatso yotere imanena kuti kumudzi kumene inu simunafike anamva za inu. Paja ufa ndi nkhuku sizikhala ndi mtengo wolembedwa pamwamba, choncho palibe amene angaziwerengere ngati malipiro. Mkati mwa dengumo azakhali anaikamo botolo la mafuta ophikira la malita awiri ndi paketi ya fulawa, osatchulapo kanthu. Aneba athu anamvetsa okha kuti amenewo ndi masiku anayi aja a mandasi.

Mawu sanachuluke. Azakhali anayamba, amayi anatsiriza. Chimene ndinaphunzira n'chakuti sananene kuti zikomo pa zonse, ayi, anatchula chimodzichimodzi. "Mayi, munayatsa moto ife tisanafike. Munasunga adzukulu anga, sanagone ndi njala. Munagona m'nyumba mwanga ine ndili kumanda, ndapeza ngakhale singano ili pamalo pake. Ndilibe chokupatsani, ndangoti mudziwe kuti ndinaona." Munthu wolira amaoneka ngati sakuona kanthu, ndipo neba amagwira ntchito akuganiza kuti palibe akudziwa. Kutchula zinthuzo ndiye mphatso yaikulu kuposa nkhuku.

Iwo anayankha monga amayankhira aliyense: "Musatero mayi, n'zochepa zimenezo, mawa zili kwa ine." Musakangane nawo mawu amenewa, ndipo musawatenge ngati akukana. Ndi mmene munthu amalandirira. Mukhale pang'ono, mumwe tiyi akakupatsani, muwafotokozere mmene mwambo unayendera kumudzi, amene analalikira ndi kumene bambo anagona, chifukwa iwo anadzimana kuperekeza mnzawo wa zaka zambiri kuti asunge nyumba yanu.

Chaka chotsatira, poika chiliza, amayi analamula kuti mpando wa kutsogolo m'galimoto ukhale wa aneba athu, ndipo nyumba anatsala kulondera ndi mchimwene wanga wa ku Joni uja. Malume ataimirira kuthokoza, anayamba ndi mafumu monga mwa mwambo, kenako anatchula mayi wa mandasi wa ku Ndirande asanafike kwa abusa.