Chisoso chouma chikhale umboni, osati chinyalala

Kalasi ikapatsidwa ntchito yosonkhanitsa zomera ndi kuziumitsa pakati pa mapepala, mphamvu zambiri zimathera pa kukongoletsa, ndipo kapepala kofotokoza chomeracho kamalembedwa mothamanga tsiku lopereka ntchitoyo. Ife amene timagwira ntchito ndi zomera zouma timayamba kumene anawo amathera. Tikatsegula kabati mu habariyamu, monga ija ya dziko lino ku Zomba, maso athu amathamangira pakona ya m'munsi kudzanja lamanja, pamene pamakhala kapepala kaja, kalembera wa chomeracho, kenako ndiye timayang'ana masamba. Chomera chophwanyika koma chokhala ndi tsiku ndi malo ake timachisunga mosamala. Chokongola chopanda zimenezi sichitiuza kanthu. N'chifukwa chake ndikuti mphunzitsi akonze ntchito yonse mozungulira kalembera, ndipo kulembako kuyambire kutchire, chomera chisanazulidwe.

Titenge chisoso, poti chimapezeka paliponse ndipo palibe amene angadandaule mukachizula. Gulu la ana atatu kapena anayi lisankhe chimene chili ndi maluwa komanso njere zakuda zija zomata pa zovala, chifukwa masamba okha sakwanira kuti munthu atsimikize mtundu wa chomera. Asanachigwire achipatse nambala, tinene 14, ailembe pa kakhadi ndi mu kope. Pansi pa nambalayo alembe tsiku, mwezi m'mawu ake ndi chaka chonse, kenako malo mwa njira yoti mlendo akhoza kukafikapo: boma, mudzi, ndi mawu ngati "mamita 200 kum'mawa kwa chipata cha sukulu, m'mphepete mwa munda wa chimanga, dothi lakatondo, padzuwa". Kulemba "kuseri kwa kalasi" sikuthandiza, pakuti kalasiyo mawa idzakhala laibulale. Kenako alembe zonse zimene kuuma kudzafafaniza: kuti chomeracho n'chotalika masentimita 60, kuti pakati pa duwa m'pachikasu ndipo m'mbali muli timasamba toyera, fungo la tsamba akalitikita, ndiponso ngati zilipo zambiri pamalopo kapena n'chimodzi chokha.

Zithunzi zijambulidwe nthawi yomweyo, zitatu pa chomera chilichonse. Choyamba chionetse chomera chonse chili chiimire pamalo pake. Chachiwiri chikhale cha duwa pafupi, rula ili pambali kuti kukula kwake kudziwike. Chachitatu chionetse pamene masamba akumana ndi tsinde, chifukwa pa chisoso mpamene pamaoneka kuti tsinde lili ndi ngodya zinayi ndipo masamba amatuluka awiriawiri moyang'anana. Kakhadi ka nambala 14 kaoneke m'chithunzi chilichonse. Popanda iko, foni imodzi ya aphunzitsi ikadzaza zithunzi za magulu khumi, palibe adzadziwe kuti duwa ili ndi la pepala liti, ndipo ana adzayamba kungolota.

Apa wina afunsa kuti, ngati foni ikujambula bwino chonchi, kuvutikiranji ndi manyuzipepala? Funsoli n'lomveka, ndipo pa mtundu wa duwa chithunzi chimapambanadi. Koma chithunzi chimayankha mafunso okhawo amene wojambula anali nawo tsikulo. Mawa wina akafuna kuwerenga timinga ta kunsonga kwa njere ya chisoso, kapena kuona ngati kunsi kwa tsamba kuli ubweya, amatenga galasi lokulitsa n'kuyang'ana chomera chenichenicho. Chithunzi sungachitembenuze. Komanso pepala louma bwino limakhalitsa modabwitsa: njira imeneyi inayambira ku Italy m'zaka za m'ma 1500, ndi mphunzitsi wa zomera Luca Ghini, ndipo zomera zina zimene ophunzira ake anaumitsa zilipobe mpaka lero. Foni ya chaka chino sindingailonjeze zaka khumi.

Chopanikizira sichifuna ndalama. Matabwa awiri a masentimita 30 m'lifupi ndi 45 m'litali, makatoni odulidwa mofanana, manyuzipepala akale ndi malegeni awiri omangira n'zokwanira, ndipo njerwa pamwamba zimawonjezera kulemera. Chisoso chizulidwe ndi mizu yomwe, dothi likutumulidwe, chigonekedwe m'kati mwa nyuzipepala yopinda tsiku lomwelo chisanafote. Chikatalika kuposa pepala musachidule, chipindeni m'zigongono ziwiri kapena zitatu. Tambasulani masamba kuti asasanjikizane, ndipo limodzi kapena awiri muwatembenuze kuti kunsi kuoneke. Nambala 14 ilembedwe pa nyuzipepalayo, ndipo pakati pa chomera ndi chinzake pakhale katoni.

Ntchito zambiri zimafera pa masiku atatu oyamba. Chomera chimatulutsa madzi ambiri nthawi imeneyi, choncho manyuzipepala asinthidwe tsiku lililonse, kenako pakapita masiku awiri kapena atatu, mpaka sabata imodzi kapena ziwiri. Mwatsoka, zomera zimachita maluwa kwambiri nthawi ya dzinja, pamene mpweya uli ndi chinyezi, ndiye chopanikizira chimangidwe zolimba n'kuimikidwa padzuwa kapena podutsa mphepo, osati m'kabati. Chomera chimadziulula chokha. Chikada bii kapena kumera nkhungu yoyera, mapepala anachedwa kusinthidwa. Masamba akakwinyika, malegeni anali olefuka. Chikamazizira mukachigwira ndi kuseri kwa dzanja, kapena tsinde likamawerama mukachinyamula, madzi akadalimo. Chouma chimakhala cholimba gwa, ndipo chimamatidwa pa pepala lolimba la A3 ndi timizere ta pepala topaka guluu, todutsa pa tsinde. Selotepi ipeweni: imasanduka yachikasu, imamatuka, n'kusiya banga. Njere zoyoyoka zilowe mu kaenivelopu komata pa pepala lomwelo, ndipo chithunzi chosindikiza chikhale pambali, chisaphimbe tsamba.

Chodandaula china chimene ndimachiona kuti n'chachikulu ndi chakuti ana sadziwa mayina a sayansi, ndiye kalembera wawo adzakhala wa chiyani? Yankho langa ndi lakuti dzina ndi mzere wokhawo pa kalembera umene ungathe kudikira. Katswiri akhoza kubwera patapita zaka makumi awiri n'kulemba kuti ichi ndi Bidens pilosa, koma palibe katswiri padziko lapansi amene angabwezere tsiku ndi malo zimene sizinalembedwe. Choncho mzere wa dzina la sayansi usiyidwe wopanda kanthu kapena ulembedwe ndi pensulo, pamodzi ndi dzina la amene wazindikira chomeracho. Dzina lakwathu lilembedwe ndithu, chilankhulo chake chitchulidwe, komanso ntchito yake, monga kuti masamba anthete a chisoso ndi ndiwo. Koma nalonso lisakhulupiriridwe mopitirira: dzina loti bonongwe limaphimba mitundu ingapo ya zomera, ndipo chomera chimodzi chikhoza kusintha dzina mukangowoloka mtsinje. Kulemba dzina longoganizira ndi inki n'koipa kuposa kusalemba, chifukwa kalasi ya chaka chamawa idzakopera cholakwacho.

Nanga za kuwononga chilengedwe? Nkhawayi ndi yoona kalasi ya ana 80 ikamasulidwa mopanda malire. Gulu lililonse litenge zomera zisanu zosiyana, ndipo lizule pokhapo pamene mtunduwo ulipo wochuluka, tinene zopitirira 20. Chosowa chijambulidwe kokha. M'nkhalango zotetezedwa musatengemo kanthu popanda chilolezo, ndipo mkungudza wa pa phiri la Mulanje suli pa mndandanda wa kalasi iliyonse. Chitedze ndi nkhadze nazo zisiyidwe: china chimayabwa, china utomoni wake umavulaza maso. Luni, denje, bonongwe ndi kanthambi ka bwemba zikwanira kuphunzitsa zonse zofunika.

Mapepala akatha asungidwe chogona m'katoni yotseka bwino, pamwamba, kutali ndi chiswe. Tizilombo todya zomera zouma timadziwika ndi fumbi lopezeka pansi pa duwa. Mukaliona, kulungani pepalalo m'pulasitiki yomanga zolimba, liikeni mu fuliza kwa sabata imodzi, ndipo mukalitulutsa musamasule pulasitikiyo mpaka kuzizira kutatheratu, kuti chinyezi chisagwere pa chomera.