Loko pa swichi, kiyi m'thumba

Ku Metangula, likulu la boma la Lago m'mbali mwa nyanja ku Niassa, magetsi a EDM amafika pa mawaya ochokera ku Lichinga, mtunda wopitirira makilomita 100. Nyengo ya dzinja, mphezi ikawomba kumapiri kapena mtengo ukagwera waya, magetsi amathima, ndipo pobwerera saodira. Nthawi imeneyi, makina ali zii, ndiyo imene amisiri ambiri amauzana kuti, "Tiyeni tikonzeretu bokosi lija magetsi asanayake." Chidziwitso chomata pakhoma la malo okonzera zinthu chimalembedwa makamaka kuti chitsekereze maganizo amenewa.

Tiyerekeze malo opalira matabwa a maboti, a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Makina opalira ali ndi mota ya makilowati 7.5, yolandira mawaya atatu amoto. Pakati pa waya wamoto ndi mnzake pali mavoti pafupifupi 380, pakati pa waya wamoto ndi nyutulo pali 220. Pakhoma pali bokosi lachitsulo lokhala ndi batani lobiriwira ndi lofiira, ndipo kuseri kwa nyumba kuli jenereta. Tsiku lina mota yayamba kungong'ung'udza osazungulira, zimene kawirikawiri zimasonyeza kuti waya umodzi mwa atatu aja sukufikitsa moto. Bokosi liyenera kutsekulidwa.

Mmisiri akakanikiza batani lofiira, makina amaima, koma moto sunachoke m'bokosi. Batani limenelo limangodula kamoto kopita ku koyilo ya kontakitala, swichi ya maginito imene imalumikiza mota ndi mawaya atatu aja. Koyilo ikasowa moto, sipuling'i imakankha timano ta kontakitala n'kutilekanitsa. Mbali ya kumtunda kwa timanoto, pamene palembedwa L1, L2 ndi L3, mavoti 380 ali pomwepo. Nthawi zinanso timano timapsa n'kumatirirana, moti kamodzi kamatsala kolumikiza ngakhale koyilo yazimitsidwa, ndiye moto umafika mpaka ku mota yoima. Ndipotu kontakitala yotere ndiyo imachititsa munthu kutsekula bokosi.

Thupi silifuna moto wambiri kuti livulale. Munthu wa thukuta, woima pa simenti yachinyontho, akagwira waya wa mavoti 220, m'thupi mwake mungadutse mamiliampu oposa 200. Mamiliampu 10 kapena kupitirira pang'ono amakwanira kufinya minofu ya dzanja moti munthu amalephera kuusiya wayawo, ndipo chipangizo chotetezera anthu chimapangidwa kuti chidule pa mamiliampu 30. Buleka wamba wa maampu 20 sangamve n'komwe kuti pali munthu akugwidwa. Ntchito yake ndi kuteteza waya kuti usapse.

Ndondomeko yotsekera makina ndi loko si ya malo amodzi. Ku America inakhala lamulo la boma mu 1989, ndipo ku Ulaya muyeso wa EN 50110 umaiika m'magawo asanu: kudula moto, kutseka kuti wina asaubwezere, kuyesa ngati wachokadi, kulumikiza mawaya ku nthaka pamene pakufunika, ndi kuphimba zamoto zoyandikana nazo. Koma mapepala amenewo ndi a mainjiniya. Chapakhoma chiyenera kukhala chachifupi, chotchula makina ake enieni, ndipo ku Metangula chilembedwe m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, popeza wothandizira amene amasesa utuchi ndiye kawirikawiri amatumidwa kukakweza buleka. Cha makina athu aja chikhoza kumveka chotere:

"Kwa nonse ogwira ntchito pano. Bokosi la makina opalira lisatsekulidwe musanachite izi. Uzani woyendetsa makina ndi kapitawo. Zimitsani makina pa batani lofiira. Pitani ku bolodi lalikulu, tsitsani buleka nambala 4, ikani loko wanu ndi chikwangwani cha dzina lanu, kiyi muike m'thumba mwanu. Kanikizani batani lobiriwira kuti muone ngati makina sakudzuka. Yesani tesita pamalo amoto, yesani m'bokosi, yesaninso tesita pamalo amoto. Magetsi akathima, musayambe ntchito musanatseke swichi yaikulu ndi ya jenereta. Loko wa mnzanu musamukhudze."

Mawu akuti "pitani ku bolodi lalikulu" ali ndi chifukwa chake. Mabokosi ambiri ali ndi chogwirira pachitseko chimene ukachipotoza chimadula moto wopita ku makina. Chimenecho chimakwanira ngati mukusintha lamba kapena mipeni ya makina. Koma ngati manja akulowa m'bokosi momwemo, mawaya obwera kuchokera kunja amathera pa swichi ya chogwiriracho, ndipo akadali amoto, mwina chikhato chimodzi chokha kuchokera pamene mukumasula. Sikuludalaiva ikatsetsereka n'kugunda mawaya awiri nthawi imodzi, pamabuka lawi losungunula chitsulo n'kuwaza kumaso. Choncho moto udulidwe kumene ukuchokera, chingwe chonse chobwera ku bokosi chikhale chakufa.

Za loko ndi zosavuta kumva, kuzisunga ndiye nkhani. Munthu aliyense amene alowetse dzanja akhale ndi loko wake, wa kiyi imodzi. Akakhala awiri, pabuleka pamakolekedwa kachitsulo ka mabowo angapo, aliyense n'kuikapo wake, ndipo buleka sangakwere mpaka womaliza atachotsa. Mabuleka ang'onoang'ono alibe bowo la loko, amafuna kachipangizo komanga pa kamtengo kake. Kakasowa, njira ina ndi kutseka chitseko cha bolodi lonse ndi loko, kapena kuchotsa mafyuzi onse atatu n'kutsekanso chitsekocho. Tepi yomata pa buleka, kapena mnyamata woimikidwa pamenepo kuti aziletsa anthu, ine sindiziwerengera. Mnyamatayo amaitanidwa kukathandiza kutsitsa matabwa, ndipo tepi imamatuka ndi chala chimodzi. Chikwangwani chimanena za yemwe watseka, tsiku ndi chifukwa, koma pachokha sichigwira dzanja la munthu.

Tsopano kuyesa, pamene pali msampha weniweni. Kasikuludalaiva kokhala ndi kababu, kamene pafupifupi mmisiri aliyense ali nako m'thumba la malaya, si koyenera ntchito imeneyi. Kuwala kwake kumadalira thupi la wokagwira, padzuwa la kunyanja sikaoneka bwino, ndipo kakafa sikanena. Pamafunika tesita ya nsonga ziwiri. Malitimita imatha kugwira ntchito, koma ili ndi kabatani kozungulira kamene kakakhala pamalo olakwika kamasonyeza ziro pa waya wamoto. N'chifukwa chake tesita imayamba yayesedwa pa soketi imene mukudziwa kuti ili ndi moto. Kenako m'bokosi, pamene chingwe chikulowera: waya wamoto uliwonse ndi unzake, katatu; uliwonse ndi nyutulo, katatu; uliwonse ndi waya wa nthaka, katatu; pomaliza nyutulo ndi waya wa nthaka. Zonse pamodzi ndi kakhumi. Mukatha, bwererani ku soketi ija, chifukwa tesita ikhoza kufera m'manja pakati pa ntchito.

Tibwerere ku makina athu tsiku limene magetsi athima. Mmisiri watsitsa buleka nambala 4, waika loko, wayesa kakhumi ndipo ponse pasonyeza ziro. Kodi watsimikiza chiyani? Palibe. Nyumba yonse ilibe moto, choncho tesita ikanasonyeza ziro ngakhale akanatseka buleka wa kompulesa. Manambala a pa bolodi amanama kawirikawiri: makina amasunthidwa, chingwe chimalumikizidwa pa buleka wina, cholembera chakale n'kutsala pomwepo. Ngati makina opalira anasamutsidwira pa nambala 6 chaka chatha, loko ali pa 4 sakuteteza aliyense, ndipo magetsi akabwerera amapeza zala zili pa L2. Ngakhale soketi yoyesera tesita ilibe moto nthawi imeneyo.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kudikira. Magetsi akayaka, ndi tesita muone kuti moto ulipo polowera m'bokosi, wina atsitse buleka, muone moto ukuchoka, ndiye muike loko. Kuona moto ukuchoka ndi umboni wakuti buleka ndi yemweyo, ndipo ntchito imeneyi ndi ya wodziwa zamagetsi, wovala magolovesi ndi magalasi ake. Yachiwiri, ngati ntchito siingadikire, ndi kutseka swichi yaikulu ya nyumba yonse ndi loko, ndiponso swichi yosinthira ku jenereta, kiyi ya jenereta n'kuisunga pamodzi ndi ya loko. Tesita iyesedwe pa kachipangizo ka mabatire kopangidwira zimenezo. Jenereta isaiwalike, pakuti magetsi akathima m'pamene wina wofuna kuwotcherera chitsulo amathamangira kukailiza, osadziwa kuti kutsogolo kuli mnzake m'bokosi. Pamene pali sola ndi mabatire, invetala nayo ndi khomo lachitatu la moto, ndipo imadzilumikiza yokha.

Moto wina umatsalira m'bokosi ngakhale zonse zatsekedwa. Makapasita amasunga magetsi monga mtsuko umasungira madzi mpopi utatsekedwa. Makina amakono okhala ndi chosinthira liwiro la mota amasunga mavoti oposa 500 m'kati mwake, ndipo pachivundikiro pamalembedwa mphindi zoti mudikire, kawirikawiri 5 mpaka 15. Dikirani mphindi zimenezo, kenako muyese ndi tesita yotha kuwerenga moto wa mtundu wa batire, umene pa chipangizo umalembedwa DC. Kugunditsa timiyendo ta kapasita ndi sikuludalaiva kuti ithetheke ndi chizolowezi choipa, chimawononga kapasita ndipo chimatentha dzanja. Samalaninso ndi waya wobwera padera, wa nyale ya pamakina kapena wa fani yokoka utuchi, umene ungakhale pa buleka wina. Chidziwitso chabwino chimautchula ndi nambala yake.

M'chitsanzo chathu, atatseka bwino ndi kuyesa, mmisiri apeza kuti kadzino ka L2 pa kontakitala kapsa, pulasitiki yozungulira yachita bii, ndipo sikuluwu yake inali yokhwepa. Malo okhwepa amatentha, kutenthako kumawonjezera kukhwepa, mpaka waya umodzi umasiya kufikitsa moto. Asintha kontakitala yonse, adula nsonga yopsa ya waya, amanga zolimba.

Kubwezera moto kuli ndi dongosolo lake. Zida ziwerengedwe, chitseko cha bokosi chitsekedwe, zotchingira mipeni zibwerere, woyendetsa makina auzidwe, ndipo aliyense achotse loko wake ndi dzanja lake. Ntchito ikagona, loko amagona pomwepo. Vuto limadza m'mawa mwake, mwini loko atapita ku Lichinga kukagula kontakitala, kiyi ili m'thumba, pamene oda ya matabwa ikudikira. Apa chidziwitso chinene mosabisa kuti ndi kapitawo yekha angadule loko ameneyo, ndipo atayamba waimbira mwiniwake foni, waona ndi maso ake kuti m'bokosi mulibe waya wolendewera, ndipo walemba m'buku tsiku ndi nthawi. Mwini lokoyo akabwera, auzidwe pachipata asanafike pa makina, chifukwa iye akudziwabe kuti anasiya bokosi lakufa.